Dikirani, Ababa Akulankhula

Intaneti ya pakhomo pa a Iness inkadwala pa nthawi yake ngati malungo. M'mawa inkathamanga bwinobwino. Dzuwa likangokwera pamwamba pa mitengo ya mango, cha m'ma 10 koloko, inkayamba kukwawa, ndipo inkakwawa choncho mpaka mthunzi wa phiri la Zomba utagwera m'chigwa cha Domasi. Ikatero inkachira yokha, popanda woigwira.

Amene zinkamudya mtima anali Ennie, mwana wa a Iness. Anabwera kuchokera ku Blantyre pa maliro a bambo ake mwezi wa Meyi, ndipo sanabwerere chifukwa kumeneko kunalibenso chomubwezera. Tsopano bungwe lina la ku Lilongwe linali litamuitana ku intavyu ya pavidiyo, Lachinayi 11 koloko m'mawa. Inali yoyamba pa zaka ziwiri za kulemba makalata. Ndipo 11 koloko ndiyo inali pakatikati pa matenda aja.

Kwawoko foni payokha sigwira netiweki yoti n'kuonerana nkhope. Chimene chinkawapulumutsa ndi rauta ya Wi-Fi imene Ennie anagulira makolo ake kale, yokhala ndi waya wokwera pa nsungwi yaitali kuseri kwa nyumba. Anayesa zonse zimene munthu amayesa. Anaizimitsa n'kuiyatsanso, anagula bandulo ina, anaipukuta fumbi, mpaka anaitukwana. Rautayo inkangomuyang'ana ndi timagetsi take tobiriwira.

Lachitatu anaitana Kate, mnzake wa kusekondale amene amakonza mafoni pa Songani. Kate anafika pa kabaza dzuwa lili paliwombo, laputopu yake yolemera ili m'chikwama. Anali mkazi wosachedwa ndi malonje. Anatenga waya, mbali ina n'kulowetsa mu rauta, ina mu laputopu yakeyo, ndipo tsamba linatseguka nthawi yomweyo. Atazula wayawo n'kulowa pa Wi-Fi, kachizindikiro kanayamba kuzungulira osatha.

"Waona? Bandulo yako ilibe mlandu, nsungwi ilibenso mlandu," anatero Kate. "Vuto lili m'mphepo muno, pakati pa rauta ndi zida zanu. Pali wina akudya nthawi ya anzake."

"Ndiye ndibwereke wayawo."

"Ulowetsa pati? Laputopu yakoyi ndi yopyapyala, ilibe bowo lake. Tiye tione amene ali pa Wi-Fi."

Anatsegula tsamba la rauta. Panali mayina anayi. Laputopu ya Ennie, foni ya Ennie, laputopu ya Kate. Dzina lachinayi linali la zilembo zazikulu, ndipo Ennie analizindikira chifukwa analilemba yekha ndi zala zake tsiku limene anabweretsa rautayo: ABABA.

Bambo ake, a Yoswa, anali atagona kumanda masabata asanu ndi limodzi.

"Ndi foni, ndipo ikutumiza," anatero Kate motsitsa mawu, chala chili pa manambala amene ankasintha pang'onopang'ono. "Panopa ikutumiza zinthu."

A Iness, amene ankapeta mpunga pakhonde, anaika lichero pansi. Sanafunse kuti ikutumiza chiyani. Anangotembenukira kuseri, kumene kunali kanyumba ka njerwa zootcha kamene amuna awo ankasokeramo.

A Yoswa anali telala. Atamwalira, abale awo a ku Naisi anachita monga amachitira: anakoka chitseko cha kanyumbako, n'kupachika loko, kiyi n'kupita naye a Frank, mng'ono wa malemuyo. Makina osokera, nsalu, chilichonse cha m'menemo chinayenera kudikira tsiku logawa katundu. Wakuchikazi akangokhudza lokoyo, dzina lake ndi wakuba mpaka imfa. Tsikulo linali litaikidwa kale, ndipo linali Lachinayi lomwelo masana.

Ennie sankayandikira kanyumbako. Popita kudimba ankazungulira njira yaitali ya ku nthochi. Anthu ankati ndi chisoni, koma iye ankadziwa kuti ndi manyazi. Pa Khirisimasi bambo ake anamudzudzula pamaso pa alendo chifukwa chosiya uphunzitsi n'kumathamangira ntchito za pakompyuta zosaoneka. Iye anayankha kuti munthu wokalamba ndi kusoka zigamba za anthu sangamuuze za ntchito. Mawuwo anatuluka, ndipo mawu akatuluka sabwerera. Ananyamuka m'mawa mwake osatsanzika, analeka kugulira rauta bandulo, ndipo bambo ake akaimba pa kafoni kawo ka mabatani ankangokayang'ana mpaka kusiya kulira. Anadzaonananso nawo ali m'bokosi.

"Mzimu wa bambo ako sunagone," anatero a Iness. "Ndinkadziwa ine."

"Amayi, si mzimu," anatero Kate, ngakhale nayenso anali atasiya kuseka. "Foni imeneyi ili kuti?"

Ennie anafotokoza. Inali foni yake yakalekale, yoyamba kugula, imene anawasiyira bambo ake kuti azijambulira masitayilo a zovala. Inalibe ndi simu yomwe. Iwo ankaisiya pawindo la kanyumbako, yolumikizidwa ku kasola kakang'ono ka padenga kamene kanalibe batire.

Kate anawomba m'manja kamodzi. "Ndiye basi. Dzuwa likamenya sola, foni imayamba kutchaja. Mafoni ambiri amaikidwa kuti azitumiza zithunzi pokhapokha akutchaja. N'chifukwa chake matenda anu amayenda ndi dzuwa."

"Foni imodzi yokha n'kugwetsa nyumba yonse?"

"Wi-Fi ili ngati mlatho wa mtengo umodzi uja wa pa mtsinje. Amawoloka mmodzimmodzi. Laputopu yako ndi mtsikana, imadutsa kamodzi n'kamodzi. Foni iyi ndi ya mtundu wakale, imayenda ngati nkhalamba, ndipo ili kutali, kuseri kwa makoma awiri. Rauta siimva bwino, ndiye imabwereza mawu amodzi kawiri katatu, pang'onopang'ono. Katundu amene ikunyamula ndi wochepa, koma nthawi imene ikukhala pamlathopo ndi yambiri. Enanu mumangoima kutsidya. Rauta yakoyi ili ndi mlatho umodzi wokha. Zatsopano zili ndi wachiwiri, wa zida zatsopano zokhazokha."

"Ndiye titani?"

"Njira ndi ziwiri. Kusendeza rauta pafupi ndi kanyumbako kuti nkhalamba imveke bwino, ifulumireko, imalize zimene ikunyamula. Kapena kuuza rauta kuti isalandirenso zida za mtundu wakale."

Ennie anayang'ana kanyumba kaja. Chitseko chake chobiriwira chinali chitayamba kusuluka, ndipo pa katani ya pawindo panali chibowo chonga diso. Kufotokoza kwa Kate kunali komveka, koma mantha samva sukulu. Iye ankangoona bambo ake ataima pamlatho, akukana kumupatsa njira, monga anakanira pa Khirisimasi.

"Atsekere kunja," anatero.

Kate anamuonetsa pamene ankadina, kuti adziwe. Dzina la ABABA linazimiririka pamndandanda, ndipo tsamba limene linkazungulira lija linatseguka ngati mphezi. A Iness anatola lichero lawo n'kulowa m'nyumba.

Lachinayi kunacha ndi chiperoni. Mtambo unatsika phiri n'kukhala pa minda ya mpunga, ndipo kamvula kosanyowetsa kankangouluka m'mphepo. Ennie anavala bulauzi yoyera, n'kukhala patebulo nthawi isanakwane. Intaneti inkathamanga ngati ya m'tauni. Pakhomo panali zii, bata lake losakoma, ngati pamene munthu wodwala wasiya kubuula.

Itadutsa 10 koloko kunabwera uthenga wochokera ku bungwe lija, wopempha kuti atumize chithunzi cha satifiketi yake asanayambe. Anakumbuka kuti anachisunga mu akaunti yake yakale, imene anali asanaitsegule chaka chonse. Analowamo, anachipeza, anatumiza. Akuti atseke, anaona kuti pamwamba pa zithunzi zake zakale pali mavidiyo anayi amene iye sanajambule.

Foni ija inali ikadali pa akaunti yake. Iye anali ataiwala.

Vidiyo yoyamba inaonetsa malata a denga ndi kangaude. Kenaka mawu, pafupi kwambiri, ngati munthu ali kumbuyo kwake. "Kaya chikujambula chimenechi?" Ennie anagwira m'mphepete mwa tebulo. Yachiwiri inali ya chala chophimba theka la galasi, ndi phokoso la makina osokera. Mu yachitatu nkhope inaoneka, yoonda kuposa mmene ankaikumbukira, magalasi ali pamphuno. "Ennie, mwanawe," anayamba a Yoswa, koma panja wina anaodira, ndipo vidiyo inathera pomwepo. Mu yachinayi anakhala nthawi yaitali akungoyang'ana, akutsokomola. "Lero mawu akundithawa. Mawa ndinena bwinobwino, zonse."

Deti la vidiyo yachinayiyo linali la tsiku loti mawa lake a Yoswa anagwa m'dimba n'kumwalira.

Ennie anakhala ngati wathiridwa madzi ozizira. Miyezi yonse ija mavidiyowo ankadikira m'foni chifukwa iye analeka kugula bandulo. Atabwera n'kuigula, anayamba kuwoloka, imodziimodzi, pa liwiro la nkhalamba. Anayi anafika. Koma dzulo foni inali ikutumizabe, ndiye kuti inalipo yachisanu, yaitali, ya mawa limene ananenalo. Bambo ake sankamutsekera njira ayi. Ankabwera kwa iye, ndipo iye anawakankhira m'madzi kachiwiri.

Anaimbira Kate n'kumuuza za mavidiyowo.

"Bweza pamene ndinadina paja," anatero Kate, kumbuyo kwake kukumveka mahutala a maminibasi. "Ndipo usendeze rauta pawindo penipeni. Koma tamvera, Ennie. Ifulumirako, koma ikhalabe nkhalamba, ndipo ili ndi katundu wambiri. Ikamatumiza, vidiyo yako izidukaduka. Dikira umalize intavyu kaye."

"A Frank akubwera masana ano. Akangoizula pa chaja, yasiya. Ndipo ukuwadziwa, pofika madzulo idzakhala itafufutidwa, ili pa tebulo la wogulitsa."

"Ndiye pempherera dzuwa lituluke msanga."

Chingwe chamagetsi chimene anayatsira mababu pa maliro chinali chikadali chokulungidwa kuseri kwa chitseko. Ennie anachitambasula kudutsa pabwalo, ananyamula rauta ndi waya wake wa ku nsungwi, n'kuyenda njira imene anaizemba masabata asanu ndi limodzi. Pafupi ndi kanyumbako pankanunkhabe mafuta a makina. Anaika rauta pa njerwa za pawindo, anakoka mpando, n'kukhala pansi pa windolo laputopu ili pamiyendo. Sanasuzumire pa chibowo cha katani chija.

Anabweza pamene Kate anadina. Panapita mphindi imodzi, ziwiri. Kenaka dzina linabwerera pamndandanda, ABABA, koma manambala ake anali duu. Kunalibe dzuwa.

Mtambo unang'ambika patatsala mphindi zisanu kuti 11 koloko ikwane. Kuwala kunatsika phiri, kunadutsa minda, kunakwera padenga. Mkati mwa kanyumba kotseka, kuseri kwa mutu wake, munamveka kulira kamodzi kakang'ono, kwa foni imene yayamba kutchaja. Manambala anayamba kuyenda.

Pa laputopu panaoneka nkhope zitatu, amayi awiri ndi bambo mmodzi wa tayi. Anamulonjera, iye anayankha. Funso loyamba analimva theka. Ali pakati poyankha, nkhope zija zinauma, pakamwa pa bambo wa tayi pali pululu.

"Mayi, mukudukaduka," anatero mmodzi wa amayiwo mawu atabwerera. "Tayesani kuzimitsa kamera."

Anazimitsa. Zinachitako bwino pang'ono, kenaka mawu ake anayambanso kufika odukaduka. Tsamba la rauta linali lotsegula pambali. Pamene Kate anamuonetsa panali pomwepo, kudina kumodzi kokha, ndipo mlatho ukanakhala wake yekha. Koma kumadzulo mtambo wina unali ukutsika kale phiri, wakuda kuposa woyamba, ndipo chiperoni chikatseka kachiwiri chimatha masiku. Chala chake chinaima pamwamba pa batani. Anaganiza za zaka ziwiri za makalata osayankhidwa. Anaganizanso za kafoni ka mabatani kakuitana, iye akungoyang'ana.

Anachotsa chalacho n'kuchikhalira.

"Sitikukumvani ngakhale pang'ono," anatero bambo wa tayi. "Tili ndi anthu ena asanu ndi awiri akudikira. Pepani, tipitirire." Nkhope zija zinazima. Zinamupweteka, tisaname, zinamupweteka mpaka m'mafupa, ndipo analira pang'ono mopanda mawu.

Asanapukute misozi anamva galimoto ikulowa pakhomo. A Frank anafulumira, anabwera ndi kapikapu kobwereka ndi alongo awo awiri. Anali munthu wamfupi, wokonda kuyenda kiyi ali m'manja kuti aliyense amuone. Atalonjerana ndi a Iness mwachidule, analunjika ku kanyumba kaja, n'kupeza mwana wa mkulu wawo ataima pachitseko, chingwe chamagetsi chili m'miyendo.

"Ichi n'chiyani? Mwayamba kale kulowa?"

"Loko wanu ali momwe munamusiyira, bambo aang'ono. Muoneni."

"Ndiye tapatuka, tili ndi ulendo."

"Dikirani," anatero Ennie. "Ababa akulankhula."

A Frank anabwerera m'mbuyo phazi limodzi. Alongo awo anayang'anana. Ennie anatembenuza laputopu n'kuwaonetsa dzina lija, ndi manambala akuyenda pambali pake. Akanatha kufotokoza za sola, za mlatho, zonse zimene Kate ananena. Sanafotokoze. Anasiya dzinalo liwagwire lokha.

"Achimwene anamwalira," anatero a Frank, koma mawu anatuluka opyapyala.

"Eya. Koma sanamalize."

Palibe anakhala pansi. Anaima choncho anthu asanu, pamaso pa chitseko chotseka, akumvetsera chinthu chosamveka. Nkhuku zinali zitabisala. Mthunzi wa mtambo unadutsa nthochi, unadutsa nkhokwe, unayamba kukwawa pabwalo kulunjika kwa iwo. A Iness ankang'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi mosatsegula pakamwa. Mthunziwo utafika pa mapazi a Ennie, manambala anaima.

Sanadziwe ngati foni yamaliza kapena dzuwa ndilo latha. Anatsegula akaunti ija. Mavidiyo anali anayi. Anatsitsimutsa tsamba, anayi. Kachitatu, pamwamba panatulukira bokosi lachisanu, lotuwa, kenaka nkhope.

A Yoswa anali atavala malaya awo a Lamulungu. Anakhala mowongoka ngati ali pa chithunzi cha chiphaso.

"Ennie. Unati ndimasoka zigamba. Sunaname, zigambazo ndi zimene zinakuphunzitsa sukulu. Koma inenso ndinalakwa kukuchititsa manyazi pa anthu. Ntchito zakozo sindizidziwa, ndiye ndinaopa. Munthu ukakalamba umachedwa kumva." Anatsokomola, n'kuweramira pambali. Atadzuka ananyamula jekete yachikazi yabuluu, yosokedwa mwaluso, ya kolala yopyapyala. "Iyi si chigamba. Nsalu ndinakagula ku Zomba. Tsiku limene adzakuitane ku ofesi, udzavale. Amayi ako sindinawauze, ndimafuna ndikupatse ndekha. Watsala mkono umodzi, ndimaliza ndikabwera kudimba."

Anaimirira, chithunzi chinagwedezeka, ndipo foni inakhazikika pawindo. Sanadziwe kuizimitsa. Anaoneka akupachika jekete pa msomali, akutenga khasu pakona, akutuluka. Chitseko chinatsekeka. Vidiyo inapitirira, mphindi makumi anayi za chipinda chopanda munthu, kuwala kukuyenda pang'onopang'ono pakhoma. N'chifukwa chake inali yolemera chotero. Masiku onse aja, chimene chinkatseka mlatho chinali chipinda chodikira mwini wake.

A Frank anavula chipewa. Anatambasula dzanja n'kumpatsa Ennie kiyi kuti atsegule yekha.

Mkati munali monga mu vidiyo muja, kungowonjezera fumbi. Foni inali pawindo, yofunda, galasi lake losweka pakona. Jekete inali pa msomali womwewo. Palibe wa ku Naisi amene anamuletsa Ennie pamene anaitsitsa, n'kuikung'untha, n'kuivala pamwamba pa bulauzi yake yoyera ya intavyu.

Inamukwana ndendende, pakuti bambo ake sankafuna tepi kuti adziwe mapewa a mwana wawo. Mkono wakumanzere unali wongogwiridwa ndi mapini. Atapinda dzanja kuti apukute nkhope, pini imodzi inamubaya, ndipo sanaichotse.